Tsamba lasamuka, koma fomula ikuwerengabe fayilo yakale

Mafayilo ambiri a Excel amene anthu amanditumizira kuti ndiwakonze amabwera ndi dandaulo lofanana: dzulo zonse zinali bwino, lero maselo adzaza `#REF!`, ndipo palibe amene wakhudza chilichonse. Ndikafunsitsa, zimadziwika kuti sabata yapitayo munthu wina anakopera tsamba kuchokera mu fayilo ina pogwiritsa ntchito Move or Copy. Vuto linalowa tsiku limenelo, kungoti linali lisanaonekere.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Muli ndi fayilo yotchedwa `Yakale.xlsx` ya masamba atatu. Pa tsamba la `Deta` pali tebulo lotchedwa `Malonda`, ndipo kolamu yake ya `Ndalama` ikaphatikizidwa imakwana 240,000. Pa tsamba la `Zosintha`, selo `B2` ili ndi 5% ndipo munaipatsa dzina loti `Komishoni`. Tsamba lachitatu ndi `Lipoti`, pamene pali fomula iyi:

```
=SUM(Malonda[Ndalama])*Komishoni
```

Yankho lake ndi 12,000. Tsopano mwayamba fayilo ina, `Yatsopano.xlsx`, yomwe nayonso ili ndi tebulo lake la `Malonda` lokwana 310,000 komanso `Komishoni` yake ya 8%. Lipoti lakale lija munalikonza mokongola, ndiye mwaona kuti kulipanganso n'kutaya nthawi. Mwalikopera. Zomwe mukuyembekezera kuona ndi 24,800.

Chofunika kudziwa choyamba n'chakuti dzina ngati `Komishoni` silikhala mu selo. Limakhala m'kaundula wa fayilo yonse, ndipo ntchito yake ndi kuloza: "ukandifuna, pita pa `Zosintha`, selo `B2`." Tebulo nalonso n'chimodzimodzi, dzina lake ndi la fayilo. Mukanyamula tsamba limodzi lokha, mafomula amapita nalo, koma zinthu zomwe amaloza zimatsala. Excel ndiye amayesetsa kuti fomula isafe, ndipo amachita zimenezi m'njira ziwiri zosiyana, ina ya maina, ina ya matebulo.

Tiyambe ndi dzina. Popeza fayilo yatsopano ili kale ndi `Komishoni`, pamatuluka kabokosi koyamba ndi mawu oti `The name 'Komishoni' already exists`, kokufunsani kuti musankhe Yes kapena No. Anthu ambiri amangodina Yes kuti kachoke, makamaka kakabwera kakhumi motsatizana. Koma funsoli ndi lenileni. Yes akutanthauza kuti fomula igwiritse ntchito dzina lomwe yalipeza kuno, la 8%. No amakupemphani dzina lina, mwachitsanzo `Komishoni_Yakale`, ndipo dzina limenelo limapitiriza kuloza selo ya mu fayilo yakale, ya 5%. Pa chitsanzo chathuchi Yes ndiye wolondola, koma si nthawi zonse. Ndinaonapo mafayilo awiri onse ali ndi dzina loti `Mlingo`, kwina likutanthauza peresenti, kwina chiwerengero cha masiku.

Zikanakhala kuti dzinalo kulibe m'fayilo yatsopano, sipakanakhala funso lililonse. Likanangolowa mwakachetechete, likuloza kunja motere:

```
=[Yakale.xlsx]Zosintha!$B$2
```

Fomula ya pa tsamba imaonekabe yoyera, chifukwa mawu oti `Komishoni` sasintha. Linki imabisala mkati mwa dzinalo, ndipo n'chifukwa chake ena amafufuza maselo onse osaipeza, pomwe Excel akupitiriza kuchenjeza za malinki nthawi iliyonse fayilo ikatsegulidwa.

Ku tebulo zimayenda mosiyana, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwera. Pa tebulo Excel safunsa kanthu. Ngakhale fayilo yatsopano ili ndi `Malonda` yakeyake, fomula yokoperedwayo siilumikizidwa ku tebulo limenelo. Imaikidwa dzina la fayilo yakale kutsogolo:

```
=SUM(Yakale.xlsx!Malonda[Ndalama])*Komishoni
```

Onani tsopano zomwe zachitika. Mwadina Yes, choncho komishoni ndi 8% ya fayilo yatsopano. Malonda ndi 240,000 a fayilo yakale. Selo ikuonetsa 19,200. Nambala imeneyi si ya fayilo yakale, si ya yatsopano, ndipo palibe chizindikiro chofiira kapena uthenga uliwonse wokuuzani kuti pali cholakwika. Ikuoneka ngati nambala yomveka, yokulirapo kuposa 12,000 monga mmene munthu angayembekezere. Ine ndimaona kuti `#REF!` ndi wabwinoko kuposa 19,200 ameneyu, chifukwa `#REF!` palibe angamutumize kwa abwana ake.

Nanga n'chifukwa chiyani zimadzasweka patapita masiku? Pa nthawi yokopera, mafayilo onse awiri amakhala otsegula, apo ayi Move or Copy sakanaona kopita. Fayilo yakale ikakhala yotsegula, linki iliyonse imagwira ntchito. Mukaitseka, Excel amasungabe nambala yomwe anawerenga komaliza. Tsiku lina mwatsegula yatsopano yokha, mwalola kuti malinki awerengedwenso, ndipo apo mpamene zimaonekera. Fomula yoloza tebulo ndi dzina lake, ngati `Malonda[Ndalama]`, singathe kuwerenga m'fayilo yotseka, imabweza `#REF!`. Mafomula a `SUMIF`, `SUMIFS` ndi `COUNTIF` akaloza maselo a m'fayilo yotseka amabweza `#VALUE!`. Pomwe `SUM`, `VLOOKUP` kapena `INDEX` yoloza maselo wamba imawerenga ndithu ngakhale fayilo itatsekedwa, bola ikhale pamalo pomwe linki ikuyembekezera. N'chifukwa chake tsamba limodzi limatha kukhala ndi maselo ena osweka ena amoyo, ndipo amoyowo nawonso akuwerenga zakale.

Pokonza, yambani n'kutsegula mafayilo onse awiri. Fayilo yakale ikakhala yotseka, fomula imaonetsa njira yonse ya foda kutsogolo kwa dzina lake, ndipo ntchito imakula. M'fayilo yatsopano dinani Ctrl+F, lembani `.xls`, pa Within sankhani Workbook, pa Look in sankhani Formulas, kenako Find All. Ena amalangiza kufufuza chizindikiro cha `[`, koma m'fayilo ya matebulo chimenechi chimatulutsa fomula iliyonse yotchula kolamu, yabwino ndi yoipa yomwe. Mukaona mndandanda wa maselo oloza kunja, gwiritsani ntchito Ctrl+H kuchotsa `Yakale.xlsx!` osaikapo chilichonse m'malo mwake. Fomula imabwerera pa `Malonda[Ndalama]`, ndipo ulendo uno ikuwerenga tebulo la kuno. Izi zimatheka pokhapokha tebulo la kuno lili ndi dzina lomwelo ndiponso mitu ya makolamu yomweyo. Kolamu ikakhala `Ndalama Zonse` m'malo mwa `Ndalama`, Excel amakana fomulayo.

Kenako pitani ku Name Manager, Ctrl+F3. Ctrl+F sayang'ana m'kaundula ameneyu, ndiye muyenera kumuwerenga nokha. Kulitsani zenera kuti kolamu ya Refers To ioneke yonse. Dzina lililonse lomwe lili ndi dzina la fayilo ina likuloza kunja: lisankheni, lembani malo oyenera m'bokosi la Refers to m'munsimo, n'kudina kachizindikiro kovomereza. Pa batani la Filter pali Names with Errors, yemwe amasonkhanitsa maina omwe asanduka `#REF!`. Musafulumire kufufuta. Dzina lomwe fomula ina ikuligwiritsabe ntchito likafufutidwa, fomulayo imasanduka `#NAME?`.

M'zenera lomwelo muli kolamu ya Scope, yomwe ambiri saiyang'ana. Dzina likhoza kukhala la fayilo yonse, lolembedwa Workbook, kapena la tsamba limodzi lokha. Kukopera masamba kumabala maina a mtundu wachiwiriwu, moti mutha kupeza `Komishoni` ziwiri, ina ya Workbook ina ya `Lipoti`. Zikatero, fomula ya pa `Lipoti` imamvera dzina la tsamba lake, pomwe masamba ena onse amamvera la fayilo. Fomula yofanana chilembo ndi chilembo imapereka mayankho awiri pa masamba awiri. Scope ya dzina lomwe lilipo kale singasinthidwe pa Edit. Ngati la tsambalo n'losafunika, lifufuteni, ndipo mafomula omwe atsala pa `#NAME?` muwalowetsenso kuti agwire dzina la fayilo.

Pali batani lina lomwe limakopa anthu otopa: Break Link, pansi pa Data, mu Edit Links, kapena Workbook Links mu Excel watsopano. Limathetsadi chenjezo nthawi zambiri, koma limatero posandutsa mafomula oloza kunja kukhala manambala ouma, ndipo Undo sabweza zimenezi. M'chitsanzo chathu 19,200 uja akanakhazikika pamenepo, fomula yosonyeza komwe anachokera itafufutika. Ndi labwino pamene mukufunadi kusunga chithunzi cha manambala akale, osati pamene lipoti liyenera kupitiriza kuwerenga.

Mwina mukuganiza kuti njira yachidule ndi kukopera masamba onse atatu nthawi imodzi. Pa masamba wamba maganizo amenewa ndi olondola, chifukwa masamba osankhidwa pamodzi amapitiriza kulozana m'fayilo yatsopano. Koma limodzi mwa iwo likakhala ndi tebulo, Excel amakana kukopera gululo. Mukakopera tsamba la tebulo palokha n'kupeza kuti dzina la `Malonda` lilipo kale, amaliwonjezera nambala kumapeto, chifukwa matebulo awiri sangakhale ndi dzina limodzi m'fayilo imodzi. Dzina latsopanolo limaoneka pa Table Design, m'bokosi la Table Name. Choncho ngati fayilo yatsopano simunaiyambe, ndi bwino kupanga Save As ya yakaleyo, n'kuchotsamo mizere ya deta yakale. Maina ndi matebulo amakhala momwe analili, popanda linki ngakhale imodzi.

Mukamaliza kukonza, yesani motere: sungani, tsekani `Yakale.xlsx`, kenako dinani Ctrl+Alt+F9 kuti mafomula onse awerengedwenso. Selo yathu iyenera kuonetsa 24,800. Sinthani kwakanthawi 8% uja akhale 10%, muone ngati ikupita pa 31,000, kenako mubwezeretse. Chenjezo la malinki likamabwerabe ngakhale maselo ndi Name Manager zili zoyera, yang'anani mu Data Validation, mu Conditional Formatting ndi m'matchati a tsamba lomwe munakopera, chifukwa nazonso zimanyamula maadiresi a fayilo yakale ndipo Ctrl+F sazifikira. Kukapanda kupezeka kanthu kumeneko, otsala ndi maina obisika, omwe Name Manager saonetsa. Dinani Alt+F11, kenako Ctrl+G, lembani mzere uwu m'zenera la Immediate n'kudina Enter:

```
For Each n In ActiveWorkbook.Names: n.Visible = True: Next
```

Mukatsegulanso Name Manager mudzawaona, ndipo ena mwa iwo amakhala akuloza mafayilo omwe tsambalo linadutsamo lisanafike kwa inu.