Musanayike ulusi pa singano, werengerani patani ndi pensulo

Chiperoni chikamayandikira, patani za majuzi a ana zimayamba kuyenda m'manja ndi m'mafoni kuno ku Blantyre. Zina ndi mapepala akale amene akopedwa pa makina kambirimbiri mpaka manambala kufufutika, zina ndi zithunzi zotumizirana pa WhatsApp zimene zimayambira pakati, tsamba loyamba kulibe. Tsamba losowalo ndi limene limanena kukula kwa juzi, mtundu wa ulusi ndi geji. Choncho musanaluke kanthu, khalani pansi ndi pensulo ndi tepi yoyezera. Patani ndi masamu okhaokha, ndipo manambala ake akakhala kuti sakugwirizana papepala, sadzagwirizananso pa singano.

Tiyeni titsatire patani imodzi ya juzi ya mwana wa chifuwa cha masentimita 61, yolukidwa zidutswa zinayi: kumbuyo, kutsogolo ndi mikono iwiri.

Yambani ndi geji. Geji ndi chiwerengero cha masitichi ndi mizere imene imadzaza masentimita 10 m'lifupi ndi masentimita 10 m'litali. Patani za ku Britain, zimene ndi zambiri kwathu kuno, zimalemba mawu akuti `tension`, za ku America zimati `gauge`. Mzere wake umaoneka chonchi:

```
22 sts and 28 rows to 10 cm over st st on 4 mm needles
```

Akunena kuti masitichi 22 ndi mizere 28 zidzaze masentimita 10, pa singano za mamilimita 4, polukidwa mosalala, mzere wina K, kutanthauza `knit`, mzere wina P, kutanthauza `purl`. Mzere wa geji uyenera kukhala ndi zonsezi. Ukapanda kunena kalukidwe, samalani, chifukwa kalukidwe kopota ngati chingwe kamakoka nsalu n'kuichepetsa m'lifupi, moti masitichi 22 opota safika pomwe 22 osalala afika. Onaninso kuti ayezadi pa masentimita 10. Ena amalemba mainchesi 4, zomwe ndi pafupifupi zofanana, koma patani zakale zina zimayeza pa inchi imodzi kapena ziwiri.

Geji ikadziwika, masamu otsala ndi a ku pulayimale. Masitichi 22 pa masentimita 10 ndiye kuti sentimita iliyonse ili ndi masitichi 2.2. Patani yathu ikuti chidutswa cha kumbuyo chikhale ndi masitichi 74. Gawani 74 ndi 2.2, mupeza masentimita pafupifupi 33.6. Kutsogolo n'chimodzimodzi, ndiye juzi yonse izungulira masentimita 67. Mwana wathu ali ndi chifuwa cha 61, choncho patsala mpata wa masentimita 6 woti apumiremo komanso avale shati m'kati. Apa patani yanena zoona.

Mpata umenewu ndi umene umasokoneza anthu pa nkhani ya saizi. Patani yabwino imapereka manambala awiri: `to fit chest`, kutanthauza chifuwa cha munthu wovalayo, ndi `actual measurement` kapena `finished size`, kutanthauza kukula kwa juziyo ikatha. Yosalongosoka imangolemba nambala imodzi, 61, osanena kuti ndi ya thupi kapena ya chovala. Mukaganiza kuti 61 ndi chifuwa cha mwana pomwe ndi juzi yokutha, mwanayo adzaivala ngati bandeji. Masamu aja ndi amene amathetsa mkanganowu: masitichi akakupatsani 67 pomwe patani yalemba 61, dziwani kuti 61 ndi thupi. Akakupatsani 61 yomweyo, ndi chovala, ndipo muyenera kusankha saizi yokulirapo.

Saizi yolembedwa m'zaka zokha, monga zaka 5 mpaka 6, musaikhulupirire kwambiri. Ana a kalasi imodzi sakhala ofanana. Tengani juzi imene mwanayo imamukwana bwino panopa, iyaleni patebulo, muyeze kuchokera kukhwapa lina kufika linzake, kenako mufananize ndi 33.6 uja.

Nanga ngati mzere wa geji palibiretu? Masamu omwewo muwayendetse chobwerera. Patani ikanena kuti juzi yokutha ndi masentimita 67 ndipo kumbuyo kuli masitichi 74, theka la 67 ndi 33.5, ndipo 74 kugawa ndi 33.5 kukupatsani 2.2. Geji yobisikayo ndi masitichi 22. Chenjezo limodzi: gwiritsani ntchito masitichi a pathupi la juzi, osati a lastiki ya m'munsi, chifukwa patani zambiri zimayamba ndi masitichi ochepa pa lastiki n'kuwonjezera ikatha. Ngati kukula kwa juzi nakonso sikunalembedwe, chotsala ndi dzina la ulusi. Ulusi wolembedwa DK kawirikawiri umapereka masitichi 22 pa singano za mamilimita 4, ndipo kapepala kokulunga mpira wa ulusi kamasonyeza zimenezi. Koma patani yopanda geji, yopanda kukula, yopanda mtundu wa ulusi, kunena zoona ndi yongoisiya, ngakhale chithunzi chake chikongole bwanji.

Singano nazo zili ndi msampha wake. Patani ikangoti singano nambala 8, funsani kuti 8 ya kuti. Mu kawerengedwe kakale ka ku Britain, kamene kalembedwa pa singano zambiri zimene tinalandira kwa amayi ndi agogo, nambala 8 ndi mamilimita 4. Ku America nambala 8 ndi mamilimita 5. Pa nambala 10 kusiyana n'kwakukulu: ya ku Britain ndi mamilimita 3.25, ya ku America ndi 6. Chifukwa chake n'chakuti ku Britain nambala ikamakwera singano imachepa, ku America ikamakwera singano imakula. Pali njira yapafupi yodziwira. Lastiki nthawi zambiri imalukidwa ndi singano zocheperapo, ndiye patani ikati nambala 10 ya lastiki ndi nambala 8 ya thupi, ndi ya ku Britain.

Ngakhale patani itanena zonse, geji yolembedwayo ndi ya dzanja la amene anaikonza. Lanu likhoza kumanga kapena kumasula. Lukani kachidutswa koyesera ka masitichi 30, kotalika masentimita 15, ndi ulusi ndi singano zomwe mugwiritse ntchito. Kachapeni momwe juziyo izidzachapidwira, kayaleni kaume osakakoka, kenako muwerenge masitichi a pakati m'masentimita 10, kusiya a m'mphepete amene amapindika. Theka la sitichi nalo liwerengeni. Mukapeza 20 m'malo mwa 22, masitichi 74 aja apereka masentimita 37, juzi yonse 74, kuposa ndi masentimita 7 pa zomwe mumafuna, ndipo ulusi ukhoza kukutherani mkono wachiwiri usanathe. Mukapeza 24, juzi izungulira masentimita osakwana 62, mpata uja watha. Masitichi akachepa tengani singano yocheperapo, monga ya 3.75 kapena 3.5, akachuluka tengani yokulirapo. Kwa amene mumamasula majuzi a kaunjika a mumsika wa Limbe kapena wa Ndirande kuti mupeze ulusi, kachidutswaka n'kosathawika, pakuti ulusi wotere ulibe kapepala kalikonse. Uyambe wanyowetsedwa n'kuuma kuti mapindikidwe akale awongoke, apo ayi geji idzakunamizani.

Tsopano zolakwa zenizeni za m'manambala. Patani ya masaizi angapo imalemba chonchi: 68 (74, 80, 86). Onani kakweredwe kake. Apa akukwera ndi 6 nthawi zonse. Mukaona 68 (74, 90, 86), nambala yachitatuyo ndi yolakwika, pakuti saizi yaing'ono singapose yaikulu. Zungulizani ndi pensulo nambala ya saizi yanu m'patani monse, ndipo muwerenge kuti m'mikutiramo muli manambala okwanira. Imodzi ikasowa, saizi zonse zotsatira zimasuntha malo. Onaninso ngati masitichi akukwanira kalukidwe kake. Lastiki ya K2, P2 yoyamba ndi kutha ndi K2 imafuna nambala yogawika ndi 4 kuphatikiza 2. Nambala 74 ndi 72 kuphatikiza 2, ikukwana. Ikanakhala 75, sitichi imodzi ikanasowa mnzake mzere uliwonse.

Pamene zolakwa zimakonda kubisala ndi pakhwapa, pomwe masitichi amatsekedwa ndi kuchepetsedwa. Patani yathu ikuti:

```
Cast off 4 sts at beg of next 2 rows.
Dec 1 st at each end of next and 4 foll alt rows. 58 sts.
```

Tiwerengere limodzi. Kutseka masitichi 4 kumayambiriro kwa mizere iwiri kukuchotsa 8, ndiye pa 74 patsala 66. Langizo lachiwirilo likuti muchepetse sitichi imodzi mbali zonse ziwiri pa mzere wotsatira, kenako kanayi kena molumpha mzere. Kumeneko ndi kuchepetsa kasanu, osati kanayi, ndipo nthawi iliyonse masitichi awiri akuchoka. Onse pamodzi ndi 10, kotero patsala 56. Patani yalemba 58. Pali cholakwa, koma sitinadziwe ngati chili mu nambalayo kapena mu malangizowo.

Musafulumire kukonza. Pitani kumapeto kwa chidutswacho, pa mapewa ndi khosi, chifukwa masitichi onse otsala amathera kumeneko. Patani ikati phewa lililonse litseke 15 ndipo khosi lisunge 26, ndiye 15 ndi 15 ndi 26 ndi 56. Malangizo ali bwino, 58 ndiye wolakwika, mufufuteni. Koma khosi likakhala la 28, zonse pamodzi ndi 58, kusonyeza kuti wokonza patani amafuna kuchepetsa kanayi kokha. Kenako yang'anani chidutswa cha kutsogolo: phewa lake liyenera kutha ndi masitichi 15 omwewo, apo ayi posoka mbali ina idzakwinyika.

Mkono umayesedwa ndi theka lina la geji lija, la mizere. Tinene kuti lastiki ya pamkono ndi masentimita 5, mukuyamba ndi masitichi 42, ndipo muziwonjezera mbali zonse ziwiri pa mzere wa 6 uliwonse mpaka akwane 62. Kusiyana kwake ndi 20, ndiko kuwonjezera kakhumi, mizere 60. Pa mizere 28 m'masentimita 10, mizere 60 ndi masentimita 21 ndi pang'ono. Kuphatikiza lastiki ndi 26, ndipo patani ikati mkono ufike masentimita 30 pakhwapa, patsala masentimita pafupifupi 4 olukidwa mowongoka, monga ziyenera kukhalira. Pepala lofufutika likakuwerengetsani 10 pamalo pa 6, mizere ikhala 100, masentimita pafupifupi 36 lastiki isanawerengedwe, ndipo mkonowo udutsa masentimita 30 aja masitichi 62 asanakwane.