Kusandutsa mndandanda wa zochitika kukhala tebulo la madeti ndi magwero

Tebulo loonetsa ndondomeko ya zochitika mu lipoti limafuna makolamu atatu basi: tsiku, chochitika ndi gwero. Mzere uliwonse unyamule chochitika chimodzi. Ngati chiganizo cha mu lipoti chikunena za kuvota komanso kulengeza zotsatira, chiduleni pawiri, chifukwa zinthuzi sizinachitike tsiku limodzi.

Titenge nkhani ya chisankho cha pulezidenti cha 2019 ndi chobwereza cha 2020.

| Tsiku | Chochitika | Gwero |
|---|---|---|
| 2019-05-21 | Amalawi avota pa chisankho cha patatu | Lipoti la MEC |
| 2020-02-03 | Khoti lathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti | Chigamulo cha khoti loona za malamulo aakulu a dziko |
| 2020-05-08 | Apilo yakanidwa | Chigamulo cha khoti la Suprimu |
| 2020-06-23 | Chisankho chobwereza chachitika | Lipoti la MEC |

Madeti alembedwa moyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, ndipo pali chifukwa chake. Kuno tinazolowera kulemba 8/5/2020 kutanthauza 8 Meyi. Koma kompyuta yomwe inatcheredwa mwa Chimereka imayamba ndi mwezi, choncho Excel iwerenga detilo ngati 5 Ogasiti. Mukalamula kuti isanje, ngati 23 Juni inalowa monga deti lenileni, chigamulo cha apilo chikhoza kukagwera pansi pa chisankho chobwereza, ngati kuti anthu anavota khoti lisanalankhule. Pomwe 23/6/2020 siyiwerengedwa n'komwe ngati deti, poti palibe mwezi wa 23. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: madeti enieni amakhala kumanja kwa bokosi, pomwe amene Excel yawatenga ngati mawu wamba amatsamira kumanzere. Mukamaliza kusanja mukhoza kuwalembanso mokomera owerenga, monga 8 Meyi 2020.

Mu Word simufunika kutayipanso zonse. Lekanitsani tsiku, chochitika ndi gwero ndi batani la `Tab`, sankhani mizere yonse, pitani pa `Insert`, `Table`, `Convert Text to Table`. Tebulo likadutsa tsamba limodzi, dinani mzere wapamwamba n'kusankha `Repeat Header Rows` kuti mitu izionekanso pa tsamba lotsatira.

Kolamu ya gwero ndiyo imakola ambiri. Nyuzipepala ya pa 4 Febuluwale imasimba za chigamulo cha pa 3, ndiye wolemba wothamanga amakopera deti la nyuzipepala n'kusuntha chigamulo ndi tsiku limodzi. Deti la chochitika likhale mu kolamu yoyamba, la nyuzipepala lipite limodzi ndi dzina lake ku gwero, pamodzi ndi nambala ya tsamba. Kungolemba kuti "nyuzipepala" kapena "pa intaneti" sikuthandiza munthu wofuna kutsimikiza.

Samalaninso ndi madeti olonjezedwa. Chisankho chobwerezachi chinaikidwapo pa 2 Julayi chisanabwezedwe pa 23 Juni, kotero chikalata cholembedwa mu Epulo 2020 chikupatsani tsiku lomwe palibe anavota. Ndipo gwero likangotchula mwezi, lembani mwezi womwewo, 2020-04, osapeka tsiku kuti bokosi lidzaze.