Anthu sananame, munawauza chonena

Sabata siitha ndisanalandire chithunzi cha zotsatira za kavoti ka pa foni, pansi pake atalemba kuti, "Mwaonatu, anthu ayankhula." Ntchito yanga ndi yolemba mafunso a kafukufuku, ndiye maso anga sathamangira pa manambala. Ndimayamba ndawerenga funso. Kawirikawiri ndikamafika kumapeto kwa mzere umenewo ndimakhala nditadziwa kale mbali yomwe yapambana. Tsono ngati ine, wosadziwa ngakhale mmodzi mwa otsatira tsamba lanu, ndingalosere yankho lawo pongowerenga funso, munavutikiranji kuwafunsa?

Pali nkhani imodzi imene imandiwawabe. Mayi wina wophika nkhomaliro m'tauni anali ndi gulu la WhatsApp la makasitomala ake, lodzadza ndithu. Anaganiza zoyamba kuperekera chakudya ku maofesi, ndipo anachita chinthu chanzeru: anati ayambe wafunsa. Funso lake linali ili: "Okondedwa anga, kodi simungakonde kuti tizikubweretserani nsima yotentha pa ofesi panu pomwepo, m'malo moti muzivutika ndi dzuwa la masana?" Mayankho anaika awiri. Loyamba, "Eya mayi, yambani mawa!" Lachiwiri, "Ayi, ine ndimakonda kuvutika."

Anavota anthu pafupifupi 300, ndipo osankha lachiwirilo sanakwane khumi. Mayiyo anatenga ngongole ku banki m'khonde, anagula njinga yamoto yogwirapo kale ntchito, analemba mnyamata, anagula timabokosi toikamo chakudya katoni yathunthu. Sabata yoyamba oitanitsa analipo. Mwezi usanathe, mnyamata uja ankanyamuka ndi mbale zinayi, tsiku lina zitatu. Pamene ankandipeza n'kuti tsiku lobweza ngongole litayandikira, ndipo anandifunsa mondiyang'ana m'maso kuti, "Achimwene, anthuwa anandinamiziranji?"

Palibe anawanamiza. Ndinawabwezera foni yawo n'kuwapempha kuti awerenge funsolo mokweza, ngati alifunsidwa iwowo. Munthu wabwinobwino angayimike chala pa gulu n'kunena kuti amakonda kuvutika? Yankho lachiwirilo silinali yankho, linali chitonzo. Amene sankafuna kuperekeredwa chakudya analibe pokhala, ndiye ena anangodina loyamba, ena anangodutsa. Onjezerani apa kuti pa WhatsApp aliyense amaona amene wavotera chiyani, ndiponso mbali imene ikutsogola amaiona asanavote. Mayi amene amakuonjezera kachidutswa ka nyama ukadandaula kuti mwezi watalika, ungamukane dzina lako likuonekera?

Koma chitonzo chotere ambiri mumachizindikira. Chimene simuona ndi kamawu kaja ka "simungakonde". Funso loyamba ndi "si" limamuuziratu munthu yankho limene wofunsa akuyembekezera, ngati mmene timachitira ndi "eti" kapena "si choncho" kumapeto kwa chiganizo. Ndipo m'Chichewa lili ndi vuto lina lakelake. Mukafunsa mlendo kuti "Simunadye?" iye n'kuyankha kuti "Eya", watanthauza kuti sanadye. Wina, wozolowera kayankhidwe ka Chingerezi, pa mfundo yomweyo anena "Ayi". Anthu awiri anjala, mayankho osiyana. Pocheza timamvana chifukwa munthu amamaliza chiganizo, koma pa kavoti pali kabatani kokha. Funso lokanira musaliike pa voti ya "eya" ndi "ayi", basi.

Mwina mukuti ine sindilemba zoseleula ngati zimenezo, mafunso anga ndi aulemu. Imvani izi. Mu kafukufuku amene wofufuza wina dzina lake Donald Rugg anafalitsa mu 1941 ku America, anafunsa magulu awiri ofanana nkhani imodzimodzi: anthu oyankhula pagulu zotsutsa demokalase. Gulu lina analifunsa ngati dziko liyenera kuletsa zoyankhula zoterozo. Linalo analifunsa ngati dziko liyenera kuzilola. Kwa munthu woganiza mwa masamu, kuletsa ndi kusalola n'chimodzimodzi. Koma mwa amene anapereka maganizo awo, 54 pa 100 alionse anati ziletsedwe, pamene ku gulu linalo 75 pa 100 alionse anati zisaloledwe. Palibe anatukwanidwa, palibe ananyengereredwa. Anangosintha mneni mmodzi. Mawu oti kuletsa ali ndi fungo la nkhanza, munthu amawazemba ngakhale mtima wake uli komweko. Ndiye mukafunsa gulu la makolo kuti "Kodi ana aletsedwe kubwera ndi mafoni kusukulu?" ndipo mnzanu afunsa lake kuti "Kodi ana aziloledwa kubwera ndi mafoni?", musadabwe mukapeza zosiyana n'kuyamba kukangana kuti makolo a uku ndi ena.

Chimene chinawagwetsa kwenikweni mayi aja ndi chimene funso lawo silinanene. Nsima yotentha inalimo, dzuwa la masana linalimo, mtengo munalibe. Atayamba kuperekera anaonjezera ndalama ya mafuta ndi ya kabokosi pa mbale iliyonse, monga zinayenera kutero, ndipo anthu anabwerera kukadya pa benchi. Munthu mukamuonetsa ubwino wokha, amavomera. Mu Januwale 2003, bungwe la Pew Research Center linafunsa anthu a ku America ngati akugwirizana ndi kumenya nkhondo ku Iraq kuti achotse Saddam Hussein, ndipo 68 pa 100 alionse anati eya. Litaonjezera mawu oti ngakhale asilikali a dzikolo zikwizikwi atavulala kapena kufa, ovomera anatsika kufika pa 43. Nanga funso loona ndi liti? Ine ndimati limene likufanana ndi chisankho chomwe munthuyo adzakumane nacho. Kasitomala wa mayi aja sankasankha pakati pa mthunzi ndi dzuwa. Ankasankha pakati pa kuyenda mphindi khumi ndi kulipira ndalama yoonjezera tsiku lililonse.

Tinakhala pansi ndi mayiwo n'kulilembanso funsolo, mochedwa momwemo: "Tikuganiza zobweretsa nkhomaliro ku maofesi, poonjezera K1,500 pa mtengo wa mbale. Sabata yamawa mungaitanitse masiku angati?" Mayankho: sindingaitanitse, tsiku limodzi, masiku 2 kapena 3, masiku 4 kapena 5, sindigwira ntchito m'tauni muno. Taonani kuti "okondedwa anga" yachoka, "yotentha" yachoka, kuvutika kwachoka. Yankho lokana lalembedwa mwaulemu wofanana ndi enawo, ndipo ndinaliika loyamba dala, chifukwa poyendetsa chala pa foni anthu amakonda kudina chimene aona koyamba, ndipo kwa munthu wofuna kukongola ndalama kuli bwino kuchepetsa chiyembekezo kusiyana n'kuchikweza. Yankho lomalizalo ndi la achibale a ku Joni ndi anzawo a kutchalitchi amene ali pa gulupo mongochemerera, oti sangagule mbale ngakhale imodzi. Popanga kavotiko tinazimitsanso pamene palembedwa `Allow multiple answers`, kuti munthu asadine mayankho awiri. Lili losakoma kuliwerenga funsoli, ndikudziwa. Silikoka mitima. Koma likufunsa za masiku ndi ndalama, zinthu zowerengeka, osati "mungakonde", pakuti kukonda n'kwaulere.

Mawu ena amene ndatopa nawo ndi "Kodi mukuvomereza kuti". Anthu ambiri, akapatsidwa chiganizo n'kufunsidwa ngati akuvomera kapena kukana, amapendekera kovomera, makamaka pa nkhani imene sanaiganizirepo. Kwa ife, amene tinakula tikuuzidwa kuti kutsutsa wamkulu pagulu ndi mwano, abusa kapena apampando akalemba kuti "Kodi mukugwirizana nane kuti tikweze chopereka?", voti yatha isanayambe. Nkhani imeneyi si ya masamba a mchezo okha. Boma la Scotland linkafuna kuti pa referendamu ya 2014 anthu afunsidwe ngati akuvomereza kuti Scotland likhale dziko lodziyimira palokha. Bungwe loyang'anira zisankho la ku Britain litayesa funsolo pa anthu, linalangiza mu 2013 kuti mawu oti "mukuvomereza" achoke chifukwa akukankhira ku "eya", ndipo anachokadi. Mankhwala ake ndi kuika mbali zonse ziwiri patebulo. Akafukufuku a Afrobarometer, amene amayendanso m'midzi ya kuno ku Malawi, pa mafunso ambiri amawerenga ziganizo ziwiri zotsutsana, chilichonse chili ndi chifukwa chake, n'kufunsa kuti chapafupi ndi maganizo anu n'chiti. Pa tsamba panu mutha kuchita chimodzimodzi: chopereka chikwere kuti denga lithe chaka chino, kapena chikhale pomwepo denga lidikire. Onse awiri ali ndi ulemu wawo.

Tsopano za aja odzitcha akatswiri okulitsa masamba, amene amakulipiritsani kuti akuphunzitseni "mafunso oyatsa moto". Amene analemba funso la mayi aja anali mmodzi wa iwo, ndipo anatenga ndalama. Ntchito yawo ndi yoti anthu adine, aseke, akangane, tsamba lioneke lamoyo. Zimenezo ndi malonda, sindikuletsani. Koma funso lokokera anthu ndi funso lopimira maganizo ndi zida ziwiri zosiyana, ndipo iwowo sakuuzani zimenezi chifukwa amayesa kupambana kwawo pa kuchuluka kwa ovota. Akakuonetsani kuti 97 pa 100 avomera, amaomba m'manja. Ine ndikaona nambala yotero pa nkhani yokhudza thumba la munthu ndimachita mantha. Anthu 300 sagwirizana chotero ngakhale pa ndiwo za pa ukwati.

Ndipo chonde, funso limakonzedwa lisanatumizidwe. Likangopita, anthu aona kale mbali imene mwini tsamba ali, ndipo mukadzalikonza mawa ambiri amangobwereza zomwe anavota dzulo kuti asaoneke osinthasintha. Kuliyesa sikutenga nthawi. Pezani munthu amene mukudziwa kuti sagwirizana ndi ganizo lanulo, mumuonetse funsolo, ndipo musamufunse yankho lake. Mufunseni kuti, "Wolemba apa akufuna kumva chiyani?" Akangonena mosazengereza, fufutani. Ngati nkhaniyo ikukhudza ngongole, lembani funsolo mwa njira ziwiri, lina lotchula kuyamba, lina lotchula kusiya momwe zilili, n'kuwatumiza ku magulu awiri ofanana. Zotsatira zikayandikana, mwagwira maganizo a anthu. Zikatalikirana, mwayeza mawu anu omwe. Ngakhale funso litakhala lowongoka bwanji, kumbukirani kuti oyankha ndi okhawo amakutsatirani ndipo anali ndi bandulo tsiku limenelo. Musamati "Amalawi akuti".

Mayi aja anatumiza funso latsopanolo patapita masabata angapo, ku gulu lomwelo. Ovota anachepa, sanakwane theka la oyamba aja, ndipo ambiri anadina "sindingaitanitse". Ofuna masiku 4 kapena 5 anali asanu ndi mmodzi, onse a nyumba imodzi ya maofesi. Amenewo amawaperekera wapansi mpaka lero. Njinga yamoto ija mnyamata amayendetsa kabaza, ndipo ndi imene ikubweza ngongole.