Musapake penti pa khoma lachinyezi pogulitsa nyumba

Pa ntchito yanga yogulitsa nyumba, eninyumba ambiri amandiuza monyadira kuti apaka kale penti, koma ndikafika ndimapeza kuti ndalama zochepa zomwe anali nazo azithera pa khoma lomwe likadali ndi chinyezi. Penti imabwera pambuyo pokonza zowonongeka, ndipo ndatopa kubwereza mfundo imeneyi.

Nyumba ina ya zipinda zitatu ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe imandiwawabe mtima. Mwini wake anaipaka mu Okutobala, osakonza lata lobooka pamwamba pa balaza kapena madzi omwe ankadikha m'mbali mwa maziko. Mvula itayamba, siling'i inachita mawanga achikasu, penti ya m'munsi mwa khoma inatukusira n'kuyamba kusupuka, ndipo wogula yemwe anali atatsala pang'ono kulipira anaganiza kuti pali zinanso zobisidwa, natsitsa mtengo ndi ndalama zoposa zomwe zikanakonzera dengalo.

Kuyeza chinyezi n'kosavuta. Matani kapepala ka pulasitiki pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi, ndipo ngati patapita masiku awiri mwapeza timadontho kunsi kwake, khomalo silinaume. Konzani kaye kochokera madziwo, palani penti yakale, ndipo pomwe mwaika pulasitala watsopano dikirani milungu itatu kapena inayi, kenako muyambe ndi penti yoyambira, ya pulaima.

Chenjeraninso ndi opaka penti otchipa omwe amachulutsa madzi kuti ndowa imodzi ikwane nyumba yonse. Lita imodzi ya penti ya madzi imakwana pafupifupi masikweya mita 8 mpaka 10 popaka kamodzi, choncho ndowa ya malita 20 singapitirire masikweya mita 200, ndipo khoma limafunika kupakidwa kawiri. Gulani nokha pentiyo. Ikauma, sisitani khoma ndi dzanja, ndipo likatuluka ndi fumbi loyera, dziwani kuti akuberani. Ndalama zikachepa, pakani balaza, khitchini ndi kutsogolo kokha, ndi mtundu umodzi woyera kapena wotuwirako, chifukwa zobiriwira ndi zofiira zomwe mumakonda inu wogula amaziwerengera ngati ntchito yoti adzapakenso.

Katundu achoke wopaka asanafike. Matumba a chimanga m'chipinda chogona, masutikesi pamwamba pa wadirobu ndi mipando yochuluka pabalaza zimachititsa chipinda chachikulu kuoneka chopanikizika, choncho kasungitseni kwa achibale ndipo mutsegule makatani.

Pakhomo ndi pomwe ndalama zochepa zimaoneka msanga. Geti likwechedwe dzimbiri, lipakidwe penti yoteteza ku dzimbiri kenako ya mafuta, mahinji adzozedwe, udzu utchetchedwe, ngalande ichotsedwe zinyalala, babu la pakhonde liyake. Loko wa chitseko chakutsogolo, ngati mumachita kulimbana naye kuti atseguke wogula akuyang'ana, musintheni musanaitane aliyense kudzaona nyumbayo.