Wovina wa mu gemu azimvera ng'oma, osati kuwerenga zithunzi

Achinyamata angapo kuno ku Kasungu ayamba kupanga magemu a pafoni, ndipo ena mwa magemuwo ndi ovina: nyimbo ikulira, kamunthu kakuvina pa sikirini, inu mukudina motsatira biti. Akandibweretsera kuti ndiwone, vuto lomwe ndimalipeza kawirikawiri ndi limodzi. Nyimbo ikamayamba zonse zimagwirizana, koma ikafika pakati phazi la wovina limaponda pansi ng'oma italira kale. Wosewera amaganiza kuti zala zake ndi zochedwa, pomwe cholakwika ndi wotchi yomwe gemuyo ikudalira.

Mu foni muli mawotchi awiri osadziwana. Ina ndi ya zithunzi. Gemu imajambula chithunzi, kuchifufuta, kujambula china, nthawi zambiri ka 60 pa sekondi, ndipo chithunzi chilichonse timachitcha felemu. Wotchi inayo ndi ya mawu. Kachipangizo ka mawu kamatumiza ku sipika timagawo ting'onoting'ono ta phokoso, kawirikawiri 48,000 pa sekondi, ndipo sikadikira aliyense. Mafelemu amachedwa foni ikalemedwa, koma nyimbo imangopitabe.

Titenge nyimbo ya mabiti 120 pa mphindi. Biti iliyonse ndi theka la sekondi. Wongoyamba kumene amati theka la sekondi ndi mafelemu 30, choncho wovina aziponda pansi pakadutsa mafelemu 30 aliwonse. Pa kompyuta yake zimayenda bwino. Ndiye gemu ija ilowe mu foni yotsika mtengo, masana a Okutobala, foni itatentha m'thumba la munthu wa kabaza. Foni ikatentha imadzichepetsera yokha liwiro, ndipo mafelemu atha kutsika kufika 45 pa sekondi. Mafelemu 30 aja tsopano akutenga magawo awiri mwa atatu a sekondi. Pa masekondi khumi okha ng'oma yalira ka 20, wovina waponda ka 15.

Ena amadziwa zimenezi, ndiye m'malo mowerenga mafelemu amaphatikiza nthawi yomwe felemu iliyonse yatenga, ija mu Unity, pulogalamu yopangira magemu, imalembedwa `Time.deltaTime`. Ndi bwinoko, koma kwa gemu ya nyimbo sindikuvomereza. Unity ili ndi malire a kutalika kwa felemu imodzi, ndipo mukapanda kusintha amakhala pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a sekondi. Foni ikangoima sekondi yathunthu chifukwa pulogalamu ina yadzuka kumbuyo, gemu imalemba masekondi 0.33 okha, enawo atayika. Nyimbo sinaime. Kuyambira pamenepo wovina ali m'mbuyo ndi biti yoposa imodzi mpaka nyimbo ithe, chifukwa palibe chomuuza kuti watsalira.

Mayi wovina chimtali sawerenga masitepe ake kuyambira pomwe gule anayambira. Akapunthwa kapena chitenje chikamasuka, amangomvera pomwe ng'oma yafika n'kulowanso pomwepo. Gemu nayo izitero: pa felemu iliyonse isafunse kuti papita nthawi yanji chijambulireni chithunzi chathachi, izifunsa kuti nyimbo yafika pati. Mu Unity wotchi ya mawu ndi `AudioSettings.dspTime`, ndipo imayenda potengera timagawo ta phokoso tomwe takonzedwadi.

```csharp
// poyamba
start = AudioSettings.dspTime + 1.0;
source.PlayScheduled(start);
animator.speed = 0f;

// felemu iliyonse
double t = AudioSettings.dspTime - start - offset;
double beat = t * bpm / 60.0;
float phase = (float)(beat - Math.Floor(beat));
animator.Play("Vina", 0, phase);
```

Mzere wa `PlayScheduled` ndi wofunika kuposa momwe ukuonekera. Mukangolamula kuti nyimbo iyambe pompano, simudziwa bwinobwino kuti yayamba liti, poti foni imatenga kanthawi kukonzekera. Apa tikupangana ndi kachipangizo ka mawu kuti nyimbo iyambe pakatha sekondi imodzi, ndipo nthawiyo tayisunga.

Tinene kuti nyimbo yafika pa masekondi 47.3. Kuchulukitsa ndi `bpm`, yomwe ndi mabiti 120 pa mphindi aja, kugawa ndi 60, tikupeza biti 94.6. Kutanthauza kuti mabiti 94 adutsa ndipo tili pa magawo asanu ndi limodzi mwa khumi a biti yotsatira. Ka 0.6 kameneko ndi `phase`. Wojambula anakonza sitepe imodzi kuyambira pa 0, phazi lili pansi, mpaka pa 1, phazi labwereranso pansi, ndiye gemu imangoika thupi la wovina pa 0.6. Kamunthuko sikakuyendanso kokha, n'chifukwa chake `speed` tayiika pa 0. Foni ikaima sekondi yathunthu, felemu yotsatira ipeza 48.3, biti 96.6, wovina apitiriza ali pomwe ng'oma ili. Diso liona kuimako kamodzi, basi.

Wotchi ya mawu ili ndi khalidwe lake lomwe limadabwitsa ambiri. Siyenda mosalala. Phokoso limakonzedwa m'mitolo, mwachitsanzo timagawo 1,024 nthawi imodzi, omwe pa 48,000 ndi mamilisekondi pafupifupi 21. Felemu ndi mamilisekondi pafupifupi 17. Choncho pafupifupi felemu imodzi mwa zisanu imapeza `dspTime` isanasunthe, ndipo timadontho totsetsereka pa sikirini timaoneka ngati tikunjenjemera. Mankhwala ake si kubwerera ku wotchi ya mafelemu. Mumasunga nthawi yanuyanu yomwe imapita patsogolo felemu iliyonse, ndipo `dspTime` ikasintha mumaikokera pang'ono kumeneko. Kusiyana kukakhala kwakukulu, monga foni itaima, mumadumphira pomwepo. Chinthu chimodzi musalole: nthawiyo isabwerere m'mbuyo, apo ayi biti imodzi iwerengedwa kawiri.

Kwatsala `offset`. Wotchi ya mawu imanena pomwe phokoso lakonzedwa, osati pomwe lafika m'khutu. Pa mahedifoni a waya kuchedwako n'kochepa, koma pa timasipika ta Bluetooth tomwe tadzaza mu msika wa pa boma kumatha kupitirira mamilisekondi 100. Pa nyimbo yathu ija, mamilisekondi 100 ndi gawo limodzi mwa asanu a biti, ndipo wosewera amalimva. Nambala imeneyi simungaidziwe muli pa tebulo lanu. Muikeni wosewera adine motsatira kugunda ka 16 kapena kuposa, muyeze kuti wachedwa motani pa kudina kulikonse, mutenge nambala yapakati. Mu `offset` momwemo muphatikizenso kachetechete ka kumayambiriro kwa fayilo, biti yoyamba isanalire.

Podziwa komwe kwalakwika, ine ndimayang'ana masekondi oyamba a nyimbo ndi omaliza. Ngati wovina akuchedwa mofanana konsekonse, ndi `offset`. Ngati akunjenjemera koma sakutsalira, ndi mitolo ija. Ngati kuchedwa kukukula nyimbo ikamapita, penapake mukuwerengabe mafelemu, kapena `bpm` ndi yolakwika. Nyimbo ya 120.5 mukailemba 120, pakatha mphindi zitatu mwasemphana ndi biti imodzi ndi theka.

Masamuwa amagwira pa nyimbo yopangidwa pa kompyuta, yomwe liwiro lake silisintha. Mukajambula oimba ng'oma enieni kwa Kaomba kapena ku Santhe, gule akakoma amathamangitsa, ndipo `bpm` imodzi singakwane. Musawaongole ndi makina, mudzachotsa chomwe chimakometsa guleyo. Tsegulani nyimboyo mu pulogalamu ngati Audacity, mulembe sekondi yomwe biti iliyonse yagwera. Biti ina ikakhala pa 47.10 ndipo yotsatira pa 47.58, pa 47.3 mwayenda 0.20 mwa 0.48, ndiye `phase` ndi pafupifupi 0.42. Nyimbo ya mphindi zitatu ili ndi mabiti ngati 360 oti mulembe pamanja, ndipo mukamaliza muyese pa foni yofooka kwambiri yomwe mungabwereke.