Kuika galu pa chithunzi chimene sanalipo: ubweya, kuwala ndi chithunzithunzi

Pempho lofika kawirikawiri kwa ife okonza zithunzi muno mu Salima ndi lakuti tiike chiweto pa chithunzi chimene chinajambulidwa chiwetocho kulibe. Banja linapita kukacheza ku Senga Bay, galu anatsala pakhomo, ndipo tsopano ana akufuna kuti naye aoneke pa chithunzi chopachika pabalaza. Ambiri amaganiza kuti luso lonse lagona pa kudula bwino, koma chimene chimaulula kuti galu wachita kuikidwa nthawi zambiri ndi kuwala: ubweya wake umabwera utanyamula kuwala ndi mtundu wa malo amene anajambulidwira, ndipo diso la munthu limazindikira zimenezi ngakhale mwini diso sangathe kufotokoza chimene chalakwika.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi ndi kuchitsata mpaka kumapeto. Banja laima pamchenga mwezi wa Juni cha m'ma 3 koloko masana, nyanja ili kumbuyo kwawo. Gombe la Senga Bay linayang'ana kum'mawa, choncho wojambula amene wapenya kunyanja dzuwa la masana limakhala kumbuyo kwake, ndipo popeza m'miyezi yozizira dzuwa limadutsa cha kumpoto, limamuwombera paphewa lakumanzere. Nkhope za anthu zawala mbali ya kumanzere kwa chithunzi, ndipo zithunzithunzi zawo zagwera kumanja zikulozera kumadzi. Galu wathu ndi wofiirira, wa ubweya wautali pakhosi ndi kumchira, ndipo mwini wake watumiza zithunzi ziwiri: china galuyo ali mumthunzi wa mtengo wa mango, china ali padzuwa pa kapinga wobiriwira.

Ntchito imapambana kapena kulephera pa kusankha pakati pa ziwirizi. Cha pansi pa mango chingakhale chokongola, koma kuwala kwa mumthunzi ndi kofewa, kochokera mbali zonse, ndipo palibe pulogalamu imene ingasandutse galu wamumthunzi kukhala wapadzuwa popanda kuoneka ngati wopentedwa. Timatenga cha padzuwa, ngakhale kapinga atipatsa ntchito. Chachiwiri choyang'ana ndi pamene kamera inali. Anthu ambiri amajambula galu ataimirira pafupi naye n'kuloza foni pansi, moti pa chithunzi pamaoneka msana ndi pamwamba pa mutu. Galu wotere mukamuika pafupi ndi anthu ojambulidwa chapatali amaoneka ngati akugwa chafufumimba. Ngati galuyo ali moyo, kulibwino kumujambulanso pa ola lomwelo, pamtunda wofanana ndi umene banja linajambulidwira. Ndipo chithunzicho chitumizidwe pa WhatsApp ngati fayilo, chifukwa chikatumizidwa mwa nthawi zonse chimachepetsedwa, ndipo choyamba kutayika ndi timaubweya ta m'mphepete timene tikutifuna.

Zikachitika kuti dzuwa lawomba galu kuchokera kumanja pamene banja lawombedwa kuchokera kumanzere, mungamutembenuze ndi Flip Horizontal. Koma funsani kaye, pakuti galu amene ali ndi banga loyera pakhutu lakumanzere adzakhala nalo kumanja, ndipo ana a pakhomo ndiwo amayamba kuona zimenezi.

Podula sitigwiritsa ntchito chofufutira, chifukwa chimene chafufutidwa chapita. Galu amaikidwa pa leya yakeyake, imene ili ngati pepala loonekera mkati losanjikizidwa pamwamba pa chithunzi cha banja, n'kumuphatikiza ndi masiki, imene pa pulogalamu imalembedwa Layer Mask. Pa masiki, pamene mwapaka utoto wakuda pamabisika, pamene mwapaka woyera pamaoneka, ndipo pamene pali wotuwa pamaoneka pang'ono. Wotuwayo ndiye mwini nkhani pa ubweya. Tsitsi limodzi la galu ndi lochepa kuposa pikiselo imodzi, kadontho kamodzi ka chithunzi, choncho mapikiselo a m'mphepete mwa galu ndi osakanizika, gawo lina ubweya, gawo lina kapinga. Mzere wakuthwa sungalekanitse zinthu zimene zasakanizika m'kadontho kamodzi, n'chifukwa chake galu wodulidwa motero amaoneka ngati wodulidwa ndi lumo papepala.

Mu Photoshop mumayamba ndi Select Subject, kenako Select and Mask, n'kudutsitsa Refine Edge Brush Tool pamene pali ubweya womwazika pokha: pakhosi, kumchira, kumbuyo kwa miyendo. Musaidutsitse pamphuno, pazikhadabo kapena pamsana pamene ubweya wagona, chifukwa malo amenewa ali ndi mphepete yolimba ndipo bulashiyo imawadya n'kusiya mphuno yoonekera mkati. Amene amagwiritsa ntchito GIMP, pulogalamu yaulere, ali ndi Foreground Select imene imagwira ntchito yofananako. Kuti muone ngati mwadula bwino, ikani leya yakuda bii pansi pa galuyo, kenako yoyera mbee. Zotsalira zimene zabisala pa ina zimaonekera pa inzake.

Tsopano pamabwera vuto la kapinga. Mukamuika galu pamchenga wotuwira mudzaona kamzere kobiriwira komuzungulira, makamaka kumimba ndi kumiyendo, kumene kapinga anabwezera kuwala kwake pa ubweya. Apa ambiri amalakwitsa podula mozama mpaka chobiriwiracho chithe, ndipo pamodzi nacho amataya ubweya wonse, galu n'kukhala wosalala. Choyenera kuchotsa ndi mtundu, osati ubweya. Photoshop ili ndi Decontaminate Colors imene imayesa kuchita zimenezi yokha, koma ine sindiikhulupirira pa ubweya wautali, chifukwa imasiya timizere topakika. Njira yodalirika ndi yamanja. Tsegulani leya yatsopano pamwamba pa galu, muimangirire kwa iye ndi Create Clipping Mask kuti utoto usatayikire kunja, musinthe kasakanizidwe kake kukhala Color, mutenge mtundu wofiirira pa ubweya wa mkati pafupi ndi pamene mukukonza, ndipo mupake m'mphepete ndi bulashi yofewa. Color imasintha mtundu wokha n'kusiya kuwala ndi kuda kwa tsitsi lililonse monga zinalili. Muzitenga mtundu watsopano pafupipafupi pamene mukuzungulira, pakuti ubweya wa pakhosi si wofanana ndi wa kumchira. Pamene masiki inadya ubweya, tengani Smudge yaing'ono, ya mapikiselo 2 kapena 3, muikokere kunja pa masikiyo motsata mmene ubweya wagonera. Ndevu za pakamwa, zimene nthawi zambiri zimatayika podula, zimajambulidwanso ndi dzanja.

Pa msinkhu, nyanja imatithandiza. Mzere umene madzi akumana ndi thambo umakhala pa utali wa kamera, choncho ngati wojambula anaimirira pamchenga womwewo wosatsetsereka, kamera ili mamita 1.5 kuchokera pansi, chilichonse chotalika mamita 1.5 chimafika pamzerewo kaya chili pafupi kaya patali. Galu wa masentimita 50 paphewa ayenera kufika gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wochokera pamene mapazi ake aponda kukafika pamzerewo. Kumene kukuoneka chilumba kapena mapiri a tsidya, yang'anani mzere wa madzi, osati nsonga zake.

Pofananitsa kuwala, yambani ndi kuda ndi kuyera, mtundu pambuyo. Ikani leya ya Black & White pamwamba pa zonse kwa kanthawi, ndipo mufanizire malo akuda kwambiri a galu, monga mphuno, ndi tsitsi la anthu amene ali naye pafupi. Ngati mphuno yada kuposa chilichonse pa chithunzi, galuyo adzaoneka womatidwa. Mumukonze ndi leya ya Curves, yosinthira kuda ndi kuyera, yomangiriridwa kwa iye yekha. Mukachotsa leya ya Black & White ija muyang'ane mtundu. Dzuwa likamapendekera kumadzulo kuwala kwake kumanka kukhala kwachikasu, ndipo malaya oyera a munthu wa pa chithunzi amakuuzani kuchuluka kwake: banga loyera la pachifuwa cha galu liyenera kufanana ndi malayawo, osati kuyera kuposa iwo.

Pali chinthu china chimene chimaiwalika pa zithunzi za kunyanja. Mchenga umabweza kuwala kwambiri kuposa kapinga, n'chifukwa chake anthu oima pagombe amawala pansi pa chibwano. Galu wochokera pa kapinga ali ndi mimba yakuda, ndipo pamchenga mimba yotero ndi yabodza. Pa leya ina yomangiriridwa, ya Soft Light, pakani pang'ono mtundu wa mchengawo kumimba, pansi pa khosi ndi mkati mwa miyendo, mphamvu ya bulashi ili pa 10 peresenti, mukubwereza mpaka zitakwana. Muonenso kadontho kowala ka m'diso la galu, kamene kayenera kukhala mbali imodzi ndi ka m'maso mwa anthu, pano kumanzere.

Galu wopanda chithunzithunzi amayandama. Zithunzithunzi zofunika ndi ziwiri, ndipo zonse zimaikidwa pansi pa leya ya galu, kasakanizidwe kake kali pa Multiply. Choyamba ndi chaching'ono, chakuda kwambiri, pamene phazi lililonse lakhudza pansi. Pamchenga muonjezere kubisa kunsi kwa zala pa masiki, chifukwa phazi limamira pang'ono. Chachiwiri ndi chachitali, chimene chimatsata njira ya zithunzithunzi za anthu, pano kumanja ndi kumadzi. Utali wake muutenge kwa munthu amene waima pafupi: ngati pa chithunzi chithunzithunzi cha mwana chafika theka la msinkhu wake, cha galu chifikenso theka la msinkhu wake. Mtundu musaupeke ndi utoto wakuda, koma muutenge pa chithunzithunzi cha munthu, chimene pamchenga chimakhala ndi kabuluu kochokera kuthambo. Chikhale chakuthwa pafupi ndi mapazi ndi chofewa kumapeto, ndipo mzere wake upindike potsata timaenje ta mapazi a anthu.

Chotsala ndi kuthwa kwa chithunzi. Galu wojambulidwa pafupi n'kuchepetsedwa amathwa kuposa anthu, choncho amafuna Gaussian Blur yochepa, mwina theka la pikiselo kapena imodzi, ndi timadontho ta Add Noise tofanana ndi timene tili pa zovala za anthuwo mukakulitsa chithunzi pa 100 peresenti. Zikakhala kuti galu ndiye wosaoneka bwino, monga wotengedwa pa chithunzi chakale cha foni, kumunola kumangotulutsa mzere woyera m'mphepete mwa ubweya umene mwavutika nawo. Pepala la A4 losindikizidwa pa madontho 300 pa inchi limafuna mapikiselo 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, ndipo galu amene ali ndi mapikiselo 300 okha kuchokera kumapazi kufika kumakutu sangapitirire inchi imodzi papepalapo osayamba kusungunuka. Galu wotere timamuika chapatali pang'ono kumbuyo kwa banja, kumene kuchepa kwake ndi kufewa kwake n'zoyenera, kapena timalangiza mwini wake kuti tisindikize pa pepala laling'ono.