Nkhungu pa nsapato za chikopa sichotsedwa ndi polishi

"Nsapato zanga zachita timadontho toyera nditazisunga mu pulasitiki nthawi ya dzinja. Ndingozipaka polishi wambiri n'kuziyanika padzuwa?"

Ambiri kuno ku Dedza amachita zomwezo, koma polishi amangokwirira nkhunguyo, siyifa. Posakhalitsa imabwereranso, makamaka kukakhala chinyezi. Dzuwa lamphamvu nalo limaumitsa chikopa mpaka kung'aluka.

Tulutsani nsapatozo panja, muchotse nkhungu ndi bulashi youma. Sakanizani viniga woyera ndi madzi mofanana, nyowetsani kansalu pang'ono, kofinya bwino, mupukute mkati ndi kunja. Yambani mwayesa pamalo obisika, poti zikopa zina zimasuluka. Ikanimo nyuzipepala, ziume pamthunzi podutsa mphepo tsiku lathunthu. Polishi abwere pomaliza.

Dontho la mvula pa chikwama cha chikopa musalikhule lokha, mungokulitsa mzere wake. Nyowetsani pang'ono mbali yonseyo, kuchokera msoko kukafika msoko, kuti iume mofanana.

Pulasitiki ija itayeni, imasunga chinyezi. Pilokesi yakale ndiyo yabwino kusungiramo nsapato.